Kachipu kobisika m'chingwe cha USB-C: mafunso ndi mayankho

Zingwe ziwiri za USB-C zingafanane mtundu, kutalika ndi mitu yomwe, koma china n'kumatchaja laputopu bwinobwino pamene chinzake chikuinyentchera moto. Nthawi zambiri kusiyanako kumachokera pa kachipu kakang'ono kwambiri, kobisika m'mutu wa chingwe. Pa paketi amakalemba kuti E-Marker kapena E-Mark. Mafunso ali m'munsimu ndi amene amabwera munthu akagula tchaja yamphamvu n'kupeza kuti laputopu yake ikutchajabe mwapang'onopang'ono.

Kodi kachipu kameneka kali pati, ndipo kamagwira ntchito yanji?

Kali mkati mwa mutu wa chingwe, kuseri kwa kachitsulo kamene mumalowetsa pa laputopu. M'menemo muli kabolodi kakang'ono kamene mawaya onse amawotcherapo, ndipo kachipuko kamakhala pa kabolodi komweko, kokutidwa ndi pulasitiki. Simungakaone popanda kuswa mutuwo.

Ntchito yake ndi imodzi yokha: kuyankha kakafunsidwa. Wopanga chingwe amasungamo mfundo zochepa, monga maampu amene chingwecho chingapirire, mavoliti amene sayenera kupitirira, liwiro limene chingatumizire deta, ndi nambala ya kampani yake. Tchaja ikafunsa, kachipuko kamanena zimene kanauzidwazo, basi.

Mfundo yofunika kuigwiritsitsa ndi yakuti kachipuka sikawonjezera moto ngakhale pang'ono. Moto sudutsamo n'komwe, umadutsa m'mawaya a mkuwa. Kachipu kali ngati chikwangwani cha pa mlatho chonena kulemera kwa galimoto zololedwa kuwoloka: chikwangwani sichilimbitsa mlatho, koma woyendetsa galimoto yolemera wosamala sawoloka ngati palibe chomutsimikizira kuti mlathowo upirira. Woyendetsa wosamalayo ndiye tchaja.

N'chifukwa chiyani malire ake ali pa mawati 60?

Malamulo a USB-C, amene bungwe la USB-IF linatulutsa koyamba mu 2014, amati chingwe chilichonse chokhala ndi mutu wa USB-C mbali zonse ziwiri chizitha kunyamula maampu 3. Amenewo tchaja imapereka popanda kufunsa chingwe chilichonse. Mawati timawapeza pochulukitsa mavoliti ndi maampu, ndiye pa mavoliti 20, amene malaputopu ambiri amatchajira, maampu 3 amapereka mawati 60.

Kuti moto upitirire pamenepa, maampu ayenera kukwera, ndipo malire otsatira ndi maampu 5. Mavoliti 20 kuchulukitsa ndi 5 ndi mawati 100. Apa ndi pamene lamulo limati tchaja isapereke maampu oposa 3 pokhapokha chingwe chitanena chokha kuti n'cha maampu 5. Chingwe chopanda kachipu sichingayankhe, choncho tchaja imachitenga ngati cha maampu 3, ngakhale mawaya ake atakhala okhuthala chotani.

Chimachitika n'chiyani kwenikweni ndikalumikiza chingwe?

Zonse zimatha m'kanthawi kochepa kwambiri, musanachotse n'komwe dzanja pa chingwe, koma zili ndi ndondomeko yake.

M'chingwe muli waya mmodzi wowonda wotchedwa CC, amene sanyamula moto wotchajira kapena mafayilo anu. Ndi njira yokambirana ya tchaja ndi laputopu. Pa kabowo ka tchaja pali timano tiwiri ta CC, chifukwa chingwe chimalowa mbali iliyonse imene mwachitembenuzira. Mukalumikiza, tchaja imamva pa kamano kamodzi rezisita ya mu laputopu, kachipangizo kotsekereza moto kamene mphamvu yake imayezedwa m'maomu, apa maomu 5,100, n'kudziwa kuti kwafika chipangizo chofuna moto. Ikatero imatsegula mavoliti 5 okha.

Kenaka imayang'ana kamano kachiwiri. Ngati chingwecho chili ndi kachipu, pamenepo pamakhala rezisita ina ya maomu pafupifupi 1,000. Tchaja ikaimva imatumiza kamoto kochepa pa kamano kameneko kuti kadzutse kachipu. Kamoto kameneka kamatchedwa VCONN, ndipo n'kosiyana ndi moto waukulu wopita ku laputopu.

Kachipu kakadzuka, tchaja imakatumizira funso lotchedwa Discover Identity kudzera pa waya wa CC uja. Uthengawo umakhala ndi chizindikiro chake, SOP', chosonyeza kuti ukupita kwa chingwe osati kwa laputopu, ndiye laputopu imangounyalanyaza. M'yankho la kachipu muli manambala awiri okha onena za maampu: 01 akutanthauza maampu 3, 10 akutanthauza maampu 5. Nkhani yonse ya mawati 60 kapena 100 yagona pa manambala awiri amenewa.

Ikamva yankho, tchaja imalembera laputopu mndandanda wa zimene ingapereke. Tchaja ya mawati 100 kawirikawiri imanena mavoliti 5, 9 ndi 15 pa maampu 3, ndiyeno mavoliti 20 pa maampu 5. Chingwe chikakhala chete, kapena chikati n'cha maampu 3, mzere womalizawo umasintha n'kukhala mavoliti 20 pa maampu 3. Laputopu imasankha pa zimene yaonetsedwa, tchaja n'kuvomera, mavoliti n'kukwera. Laputopuyo siidziwa kuti tchaja ikanatha kupereka zambiri. Imangoona tchaja ya mawati 60.

Kodi kusiyana kwa maampu 3 ndi 5 n'kwakukulu motero kuti kufunike kachipu?

Poona manambala kumaoneka kochepa, koma kutentha kwa waya sikukwera molingana ndi maampu. Kumakwera molingana ndi maampu ochulukitsidwa ndi iwo eni. Pa maampu 3 ndi 3 kuchulukitsa 3, kupeza 9. Pa maampu 5 ndi 25. Waya yemweyo amatentha pafupifupi katatu.

Tiyeni tione pa chingwe chenicheni. Malamulo amalola kuti chingwe chitaye theka la voliti pa waya wobweretsa moto, ndi kota ya voliti pa waya wobwerera. Zonse pamodzi ndi mavoliti 0.75. Chingwe cha maampu 3 chimene chakwanitsa lamuloli mongokwanira chili ndi maomu 0.25, ndipo pa maampu 3 chimasandutsa mawati 2.25 kukhala kutentha. Muchikakamize maampu 5, kutenthako kumafika mawati 6.25, ndipo mavoliti otayika amakwera kufika 1.25.

Mawati 6 si ambiri atamwazikana m'chingwe chonse. Vuto ndi lakuti samwazikana mofanana. Amaunjikana pamene pali pofooka: pa timano ta mutu, pamene mawaya anawotcheredwa, ndi pamene chingwe chimapindikapindika mpaka tingwe tina ta mkuwa tinaduka. Malo ang'onoang'ono otere akatentha, pulasitiki imafewa, timano timada, ndipo kabowo ka laputopu nako kamawonongeka. Kukonza kabowo ka laputopu ndi ntchito yaikulu kuposa kugula chingwe. Chingwe cha maampu 5 chiyenera kukhala ndi maomu osapitirira 0.15, n'chifukwa chake mawaya ake a moto amakhala okhuthala, makamaka chikakhala chachitali.

Tchaja yanga ndi ya 100W koma batire likutsika ndikugwira ntchito. Ndiyambire pati?

Titenge chitsanzo. Muli ndi laputopu imene imalandira mpaka mawati 100, batire lake n'la 60Wh, ndiko kuti lingapereke mawati 60 kwa ola limodzi, ndipo mukukonza vidiyo, ntchito imene ikudya mawati 75. Mwalumikiza tchaja ya 100W ndi chingwe chimene chinabwera ndi foni. Chingwecho chilibe kachipu, ndiye tchaja yapereka mawati 60. Mawati 15 otsalawo laputopu ikuwatenga ku batire. Pa mlingo umenewo batire lodzaza limatha m'maola anayi, chizindikiro chikuonetsa kuti ili pa moto. Mukasiya ntchito yolemerayo n'kumangolemba kalata, batire limayambanso kukwera, ndipo izi ndi zimene zimasokoneza anthu: lero ikutchaja, mawa ayi, koma palibe chimene asintha. Malaputopu ena amachepetsa liwiro la purosesa kuti asapitirire moto umene akulandira, ndiye kompyuta imangoyamba ulesi.

Choyamba, onani mawati amene laputopu yagwirizana ndi tchaja. Pa Mac tsegulani Terminal n'kulemba:

```
system_profiler SPPowerDataType | grep Wattage
```

Mukaona `Wattage (W): 60` pa tchaja ya 100W, chingwe ndicho choyamba kuchikayikira. Nambala ya 60 yeniyeniyo ndi chizindikiro champhamvu, chifukwa ndi pamene chingwe chopanda kachipu chimaimitsira zinthu. Pa makompyuta ena nambalayi imapezeka mu BIOS kapena mu pulogalamu ya wopanga laputopu, ndipo Windows imachenjeza ikaona kuti tchaja ikupereka moto wochepa.

Musanagule chingwe china, zulani zipangizo zina zonse pa tchajayo. Matchaja a timabowo tiwiri kapena titatu amagawa moto, ndipo 100W yolembedwa pa bokosi nthawi zambiri imafika pa kabowo kamodzi kokha, pamene tinato tili topanda kanthu. Werengani tizilembo ta pa tchaja. Pasakhale kukayika: payenera kulembedwa 20V ndi 5A pamzere umodzi. Onaninso kuti kabowo ka laputopu kamene mwalumikizako n'kolandira moto, chifukwa pa malaputopu ena si timabowo tonse ta USB-C timene timatchaja. Zonsezi zikakhala bwino, sinthani chingwe chokha, zina zonse zikhale momwemo, n'kuonanso nambala ija. Ikalumpha kuchoka pa 60 kufika chapafupi ndi 100, mwapeza gwero.

Nanga tchaja ya 65W? Kusiyana kwa mawati 5 kuli ndi kanthu?

Tchaja ya 65W imapereka mavoliti 20 pa maampu 3.25. Kota ya ampu imeneyo yadutsa malire, choncho imafuna chingwe cha maampu 5. Popanda kachipu mupeza mawati 60. Kwa anthu ambiri kusiyanako sikuoneka, kupatula kuti malaputopu ena amachenjeza akalandira moto wochepera pa umene anapangidwira. Ngati laputopu yanu imatchaja pa 45W kapena 60W, chingwe chabwino cha maampu 3 n'chokwanira, ndipo cha maampu 5 sichingaithamangitse.

Tchaja imene inabwera ndi laputopu ili ndi chingwe chosazuka. Nayo ili ndi kachipu?

Siikufunika kukhala nako. Chingwe chikakhala chomangiriridwa ku tchaja, wopanga amadziwa kale mawaya amene anaikamo, ndiye tchaja ilibe chofunsa. Funso limabwera pamene chingwe n'chozuka, chifukwa pamenepo munthu angalumikize chilichonse chimene wapeza.

Ngati chingwe chili ndi kachipu, ndiye kuti n'cha mawati 100?

Ayi, ndipo apa ambiri amapusitsika. Malamulo amafuna kachipu pa zifukwa ziwiri zosiyana: chingwe chikakhala cha maampu 5, kapena chikakhala chotumiza deta pa liwiro loposa la USB 2.0. Choncho pali zingwe zothamangitsa deta zokhala ndi kachipu konena kuti maampu 3 okha. Zoterezi zimasuntha mafayilo mwachangu ndipo zingatumize zithunzi ku sikirini yaikulu, koma moto wake umathera pa mawati 60.

Mbali inayo ilinso chimodzimodzi. Zingwe zambiri zolembedwa 100W kapena 240W n'zotchajira chabe. Zili ndi mawaya okhuthala a moto, koma deta yake ndi ya USB 2.0, imene siipitirira 480Mbps, ndipo mukachilumikiza ku sikirini simuona kanthu. Sikuti chingwecho n'chabodza. Mawaya a deta yothamanga mulibemo. Pogula, mawati ndi liwiro muzifunse padera, chifukwa chimodzi sichilonjeza chinzake.

Kodi kachipu kanganame?

Kangathe, ndipo ine ndimaona kuti ili ndilo vuto lenileni la nkhani yonseyi. Kachipu sikayeza makulidwe a waya. Kamanena zimene kanalembedwa ku fakitale. Wopanga wosakhulupirika angaike kachipu konena maampu 5 pa mawaya owonda, ndipo tchaja imakhulupirira n'kutsegula moto wonse. Chingwe chopanda kachipu chimangokuchedwetsani. Chokhala ndi kachipu konama n'chimene chingawotche kabowo ka laputopu.

Mungachizindikire ndi dzanja. Laputopu ikakhala kuti ikukoka moto wambiri kwa mphindi zingapo, batire lili lotsika, gwirani mitu yonse iwiri. Kufunda pang'ono si vuto. Koma mutu ukatentha moti simungaugwire nthawi yaitali, kapena mukamva fungo la pulasitiki, kapena kutchaja kukamaduka n'kuyambiranso, chizuleni ndipo musachigwiritsenso ntchito. Yang'ananinso m'kati mwa mutu pa kuwala: timano tikakhala todera kapena pulasitiki yapakati itapindika, chingwecho chatha.

Musanaweruze chingwe, onani kaye kabowo. Fumbi ndi ulusi wa m'chikwama zimaunjikana m'menemo, mutu sulowa mokwanira, ndipo kugundana kosakwanira kumatenthetsa ngakhale chingwe chabwino.

Ndingadziwe bwanji ndisanagule, kapena ngati paketi ndinataya?

Kukhuthala kwa chingwe sikudalirika, chifukwa kungakhale kwa pulasitiki kapena nsalu yokutira. Chodalirika pang'ono ndi zolembedwa pa mutu penipeni: 5A, 100W kapena 240W. Kuyambira 2021 USB-IF ili ndi zizindikiro za zingwe zimene zayesedwa n'kuvomerezedwa, zoonetsa 60W kapena 240W, ndipo zina zimaonetsanso liwiro la deta. Zingwe za 100W zikadalipo zambiri ndipo zimagwira ntchito bwino pa mavoliti 20. Chingwe chimene sichinalembedwe kanthu muzichitenga ngati cha 60W.

Njira yotsimikizika ndi kachipangizo koyezera USB-C kokhala ndi kasikirini. Si tonse timene timawerenga kachipu, ndiye funani kamene kalembedwa kuti kamawerenga E-Marker. Kamafunsa chingwe funso lomwe lija la tchaja n'kukuonetsani yankho: maampu, mavoliti ndi liwiro. Kumbukirani kuti kakungobwereza zonena za kachipu. Kuti mudziwe ngati mawaya akugwirizana ndi zonenazo, pafunika kuyeza mavoliti otayika moto ukudutsa. Ngati mulibe kachipangizoka, laputopu yanu ndi tchaja ya 100W n'zokwanira kuyesera monga tafotokozera pamwambapa.

Kodi 240W ikuchokera kuti, poti maampu amathera pa 5?

Maampu sanakwere. Mu 2021 malamulo a USB Power Delivery 3.1 anawonjezera mavoliti 28, 36 ndi 48. Pa maampu 5 omwewo, amenewa amapereka mawati 140, 180 ndi 240. Gawo limeneli limatchedwa EPR. MacBook Pro ya mainchesi 16 ya 2021 inabwera ndi tchaja ya 140W, yopereka mavoliti 28.

Kachipu ka chingwe cha 240W kamanena zinthu ziwiri zowonjezera: kuti chingwe chimapirira mavoliti 50, ndiponso kuti n'chololedwa pa EPR. Tchaja siidumphira pa mavoliti apamwambawo. Imayamba yagwirizana ndi laputopu pa mavoliti 20 kapena ocheperapo, laputopu n'kupempha kulowa mu EPR, ndipo pamenepo chingwe chiyenera kukhala chitatsimikizika. Chikakhala cha 100W, zinthu zimaima pa mavoliti 20. Kusamala konseku kuli ndi chifukwa: mavoliti akakwera, kuzula chingwe moto ukudutsa kumatha kuthethetsa moto pa timano, ndipo zimenezi zikachitika kawirikawiri timano timadyeka.

Chingwe champhamvu chingawononge foni kapena chipangizo chaching'ono?

Ayi. Chipangizo ndicho chimasankha moto pa mndandanda wa tchaja. Chingwe cha 240W pa foni yofuna mawati 18 chimanyamula mawati 18. Mafoni ena otchaja mwachangu amafunanso chingwe cha maampu 5, chifukwa amakoka maampu oposa 3 pa mavoliti otsika.

Kodi pali mbali yoyenera kupita ku tchaja?

Palibe. Zingwe zina zili ndi kachipu kamodzi, ndi waya wopititsa VCONN kumutu winawo. Zina zili ndi tiwiri, kamodzi mutu uliwonse. Njira zonse ziwiri zimagwira ntchito mbali iliyonse.

Chingwe chafupika. Ndingachilumikize ndi chowonjezera?

Pa moto wa laputopu, musatero. Malamulo a USB-C salola zingwe zowonjezera, ndipo chifukwa chake chikuoneka mukakumbukira mmene kufunsana kuja kumayendera. Tchaja imafunsa, kachipu ka chingwe chanu chabwino kamayankha kuti maampu 5, ndipo kakunena zoona za chingwe chake. Koma moto udutsanso m'chowonjezeracho, chimene palibe wachifunsa, ndiponso pa mfundo ina ya timano pakati. Ngakhale chowonjezeracho chitakhala cha mawaya abwino, maomu a zingwe ziwirizo amaphatikizana n'kupitirira malire aja. Zowonjezera zina zimadutsitsa waya mmodzi yekha wa CC, ndiye zimagwira ntchito mukalowetsa mutu mbali imodzi, mukautembenuza n'kuleka. Timitu ta maginito nato tili kunja kwa malamulo, ndipo timano take tili poyera pamene kachitsulo kalikonse kangatigunde. Ngati mukufuna kutalika, gulani chingwe chimodzi cha mamita awiri cholembedwa 5A kapena 240W, kapena talikitsani mbali ya magetsi a pakhoma.

Chingwe chokhala ndi mutu waukulu wakale wa USB-A mbali imodzi sichili m'nkhaniyi n'komwe. Pa USB-A palibe kamano ka CC, ndiye kukambirana kwa mavoliti 20 sikungachitike, ndipo malaputopu ambiri satchaja nacho kapena amalandira moto wochepa kwambiri.

Kachipu kangafe chingwe chikadali chooneka bwino?

Kangafe, ngakhale kawirikawiri chimene chimayamba kuwonongeka ndi kamano ka VCONN kapena pamene kabolodi kanawotcheredwa, chifukwa cha chinyezi, dzimbiri kapena kukokera chingwe cham'mbali. Zikatero chingwe sichileka kutchaja. Tchaja imafunsa, siimva yankho, n'kubwerera ku maampu 3. Chizindikiro chake ndi chingwe chimene kale chinkapereka mawati 100 koma tsopano chikuima pa 60, pa tchaja ndi laputopu zomwezo.

Yesani kutembenuza mutu, kenaka kusinthanitsa mitu, mukuyang'ana nambala ya mawati nthawi iliyonse. Ikamasintha ndi mmene mwalowetsera, yesani chingwecho pa tchaja ina, chifukwa vuto lingakhale pa kamano ka kabowo ka tchaja osati pa chingwe. Kabowo kakuda mungakatsuke ndi kamtengo kowonda kouma kapena kapulasitiki, tchaja itazulidwa ku magetsi ndipo laputopu itazimitsidwa. Chitsulo ayi. Chikapitiriza kuima pa 60 paliponse, palibe chokonza m'mutumo, popeza ndi womatidwa. Ngati sichikutentha ndipo sichinang'ambike, chingatchajebe foni kapena laputopu yaing'ono, koma chiikeni chizindikiro ndi tepi kuti chisasokonezeke ndi cha maampu 5.